Kusoka, nkhuku kapena makeke: ndigwire chiti?

"Achemwali, ndimadziwa kusoka, kuluka tsitsi ndi kuphika makeke, nkhukunso ndinawetapo. Mpamba ndi wochepa, ndatenga ku banki m'khonde. Ndikati ndisankhe chimodzi, mtima ukutsalira pa zinazo. Ndiyambe bizinesi iti?"

Mchemwali wanga, kalata yanuyi yandikumbutsa chaka chimene ndinatsala pang'ono kugulitsa makina anga osokera.

Ndinkakhala ku Ndirande. M'bandakucha ndinkakazinga mandasi, masana ndili pa makina pakhonde, kuseri kwa nyumba kuli anapiye 50 a nkhuku zanyama. Anthu ankandiyamikira kulimbikira. Koma ndalama zonse zinkalowa m'kachikwama kamodzi, ndiye sindinkadziwa kuti bizinesi yondidyetsa ndi iti, yondidya ndi iti.

Yondidya inali nkhuku. Zimafuna masabata pafupifupi 6, ndipo masabata onsewo iwe umangotulutsa: chakudya, katemera wa chitopa, makala otenthetsera anapiye. Zikakula sizidikira wogula, zimangodyabe, ndiye umavomera ngongole ya "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi". Chakudya chitatha sabata yachisanu, ndinatenga ndalama zimene makolo anaperekeratu za mayunifolomu. Sukulu zinatsegulidwa mu Sepitembala ine ndisanagule ulusi ndi mabatani. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka, mwana wake ali pambali. Sanandikalipire. Sanabwerenso, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndikukana ndithu malangizo akuti "tsatirani chimene mtima wanu ukukonda". Ndalama ya banki m'khonde imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, siifunsa za mtima. Ndipo bizinesi yotsekera ndalama nthawi yaitali ndi yoopsa kuno kwathu: Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale analephera kuodanso wochuluka ngati poyamba.

Kusoka nakonso kuli ndi kaunjika wopikisana naye. Koma kaunjika sasoka yunifolomu ya sukulu ya mwana wanu kapena zovala zofanana za pachinkhoswe. Kasitomala amabwera ndi nsalu yake, amapereka theka, pakatha masiku atatu ndalama yabwera. N'chifukwa chake ndinasiya zinazo.

Tsono inu muchite chiyani?

Tengani kope, luso lililonse tsamba lake. Lembani anthu amene anakulipiranipo kale, osati achibale ongoyamikira, ndi masiku amene ndalama imatenga kuti ibwerere m'manja. Limene lili ndi olipira ambiri ndi masiku ochepa, ligwireni lokha miyezi itatu, ndalama yake pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba. Nkhuku ziyembekeze mpaka phindu litakwana kugula chakudya cha masabata onse 6 musanatenge anapiye.