Sikelo ikamanama pakona, siyani kaye mabatani

"Achimwene, ndimagula soya ndi sikelo yapansi ya makilo 600, ya malodi selo anayi. Ndinaichuna ndi mwala wa makilo 20. Thumba limodzi imawerenga bwino, koma akachuluka imaperewera, pakona imasintha, ndipo katundu akakhalitsa nambala imayenda yokha. Ndiichunenso?"

Kalata yanuyi yandikumbutsa manyazi anga, bambo. Chaka china nyengo yokolola anandiitana kudepoti ina kuti sikelo ikuwabera. Inali ngati yanuyo, yowerenga modumpha magalamu 200. Ndinafika modzikhulupirira, ndinalowa pa CAL, pochunira sikelo, kuika miyala, kudina. Pa makilo 100 inali bwinobwino, pa 300 chimodzimodzi. Titafika pa 500 inaonetsa 493. Ndinachunanso pa 500 pomwepo, apo n'kukhala bwino, koma thumba la makilo 50 linayamba kuwerenga 50.8. Masiku awiri ndikuvina gule ameneyu, alimi ali pamzere, mayi wina atakhala pathumba lake akundiyang'ana osaphethira.

Anandipulumutsa ndi mlonda. Anagwada n'kuunika kunsi ndi tochi ya foni, amvekere, "Bwana, kabawuti aka kakugunda." Kunsi kwa sikelo zambiri kumakhala mabawuti oletsa kuti thebulo lisatsike mopyola likalemedwa. Kamodzi kanali katamasuka n'kukwera. Katundu akachepa sikankakhudza, koma akapitirira makilo 300 chitsulo chinkawerama pang'ono n'kutsamira pamenepo, kulemera kwina n'kumapita pansi osadutsa mu lodi selo, kachitsulo kamene kamamva kulemera. Ine ndinkalimbana ndi mabatani pamene vuto linali la sipanala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaumitsa mutu: kuchuna kumabwera pomaliza. Kuchuna kumangouza sikelo malo awiri, popanda kanthu ndi pa kulemera kumene mwaikapo, iyo n'kujambula mzere woongoka pakati pake. Ngati mzere weniweni wapindika chifukwa cha bawuti, kamwala kapena njere za soya zimene zadzadza m'mphepete, mukawongola uku kupindika kumasamukira uko. Ndipo amene amachuna sikelo yaikulu ndi kamwala kamodzi amandikwiyitsa, pepani. Mukaphonya magalamu 100 pa makilo 20, pofika pa 600 mwaphonya makilo atatu, chifukwa cholakwacho chachulukitsidwa ka 30. Nkhani yoti thumba la feteleza ndi makilo 50 ndendende ndiye musandiuze n'komwe, makamaka likagona pachinyezi.

Za pakona

Sesani kunsi, muone kuti miyendo yonse inayi yaponda ndipo sikelo siikugwedera. Kenako tengani gawo limodzi mwa atatu a mphamvu yake, kwa inu makilo 200, monga amanenera malamulo apadziko lonse a masikelo a OIML R 76. Ikani pakati, kenako pa chigawo chilichonse mwa zinayi, katundu yemweyo, mukulemba. Tinene mwapeza 200.0 pakati, ndiye 200.4, 200.4, 200.6 ndi 198.6. Pa kulemera kumeneku sikelo yongokonzedwa kumene imaloledwa kuphonya magalamu 200 okha, choncho makona onse aphonya, koma yachinayiyo ndiyo ikudwala kwambiri. Ngati palibe chikugunda, tsegulani kabokosi kamene mawaya anayi amakumana. Muli tizomangira tinayi tosinthira mphamvu ya selo iliyonse. Mumatsitsa makona okwerawo kuti afanane ndi yotsikayo, pang'onopang'ono, n'kuzunguliranso makona onse, poti mukakhudza imodzi zinzake zimasuntha. Mukapeza madzi kapena dzimbiri m'kabokosimo, yambani mwaumitsa.

Nambala yoyenda yokha ija ili pawiri. Yatsani sikelo itenthe kwa mphindi 20, pamthunzi, popanda kanthu. Ikamayenda ili yopanda katundu, ganizirani chinyezi, waya wodyedwa ndi makoswe, kapena dzuwa lowomba mbali imodzi. Ikakhazikika, ikani katundu wolemera, muwerenge nthawi yomweyo, pa mphindi 15 ndi pa 30. Chitsulo cha selo chimapitiriza kugonja pang'ono chikapanikizidwa, koma pa theka la ola kusinthako sikuyenera kupyola theka la kadumphidwe kamodzi, kwa inu magalamu 100. Ikayenda magalamu 400 kapena 600, ndipo mukatsitsa katundu ikuchedwa kubwerera pa 0, selo ina yatopa kapena inamenyedwa ndi thumba loponyedwa. Imeneyo n'kusintha basi, batani silingaichize.

Zonsezi zikatheka, ndiye chunani, ndi makilo osachepera 400. Miyala ikakuchepera, bwerekani yokwana 100, lembani chimene sikelo yaonetsa, chotsani, thirani mchenga m'matumba mpaka nambala yomweyo, bwezeranipo miyala, mpaka mufike. Mukatha yesani pa 100, 300 ndi 500, pokweza ndi potsitsa. Koma ngati sikelo yanu ili ndi chidindo cha a MBS, bungwe loona za miyezo, musachidule nokha. Ndi yogulira malonda, ndiye ikakonzedwa ayenera kudzaiyesanso iwowo musanayambe kulandira soya wa anthu.