Zithunzi za zikwama zikutuluka zachimbuuzi: vuto ndi foni?

"Ndimasoka zikwama zachikopa n'kumagulitsa pa intaneti. Ndimazijambula madzulo ndikaweruka, nditaziika pabedi, koma zithunzi zimatuluka zachimbuuzi, ulusi suoneka n'komwe. Kodi vuto ndi foni yanga yotchipayi? Ndigule ina?"

Mayi, ndalamazo gulirani chikopa ndi ulusi, foni isiyeni kaye. Chikukulakwirani ndi mdima wa madzulowo. Kamera ya foni ili ndi kadiso kakang'ono zedi, ndipo kuwala kukachepa imakhalitsa chitsegulire kuti kulowe kokwanira. M'chipinda cha babu limodzi ikhoza kutenga 1/15 ya sekondi, nthawi yokwanira kuti dzanja ligwedezeke inu osamva n'komwe. Imakwezanso ISO, nambala yosonyeza mmene kamera ikukuzira kuwala kochepako, chithunzi n'kudzaza timadontho ngati mchenga, ndiye foni pofufuta timadonthoto imafufutira kumodzi ulusi ndi timizere ta chikopa. Foni yomweyo mukaifikitsa pawindo masana, kawirikawiri imajambula pa 1/100 kapena mofulumirirapo, ISO ili pansi. Tsegulani chithunzi chanu chakale, dinani pa Details. Mafoni ambiri amasonyeza manambala awiriwa.

Tiyeni tijambule chikwama chakuda, poti ndicho chovuta kuposa zonse. Kokerani tebulo pawindo lomwe dzuwa silikulowa mwachindunji, osapitirira mita imodzi kuchokera pawindopo, chifukwa kuwala kumatha msanga mukamalowera m'kati mwa chipinda. Ngati dzuwa likulasa patebulo, pachikani nsalu yoyera yopyapyala. Windo likhale kumbali kwanu, osati kumbuyo kwa chikwama. Kuwala kochokera m'mbali kumasiya kamthunzi kuseri kwa msoko uliwonse, ndipo timithunzi timeneti ndi timene timachititsa kuti ulusi uoneke wotumphuka. Babu zimitsani, fulashi nayonso. Kuwala kwa babu kukasakanikirana ndi kwa masana, mbali ina ya chikwama imafiirira, ina n'kuoneka yabuluu.

Pabedi paja ayi. Maluwa a nsalu ndi makwinya ake amakopa kamera, n'kusiya chikwama. Pezani pepala lalikulu losanyezimira, mumate mutu wake kukhoma, lotsalalo litsetsereke patebulo mokhota osalipinda, kuti pasaoneke mzere pokumana khoma ndi tebulo. Chikwamacho chiikeni mapepala m'kati kuti chiime bwino, ndipo chitalikirane ndi khoma masentimita ngati 30 kuti mthunzi wake usakwere kumbuyo.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi: pa pepala loyera chikwama chakuda chimangooneka bii, popanda chooneka. Foni imaona kuyera kwadzaza chithunzi, ndiye imachepetsa kuwala, pepala n'kutuwa, chikwama n'kuderatu. Dinani pa chikwamacho, pamsoko penipeni, ndipo ngati foni yanu imatulutsa kachizindikiro ka dzuwa, kakwezeni pang'onopang'ono mpaka timizere ta chikopa titayamba kuoneka. Mbali yotalikirana ndi windo ikhalabe yakuda, choncho imikani katoni yomatidwa pepala loyera kumbaliko, pafupi ndithu koma isalowe m'chithunzi. Isuntheni uku mukuyang'ana pa sikirini, muona mthunzi ukufewa. Ineyo pa zinthu zakuda ndimakonda pepala lotuwirako kusiyana ndi loyera mbee, chifukwa foni sivutika kulinganiza ziwirizo.

Musanajambule pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni itsamiritseni pa mulu wa mabuku, tcherani Timer pa masekondi awiri kapena atatu, muchotsepo manja. Musakuze ndi zala pa sikirini, chifukwa foni ya kamera imodzi imangodula chithunzi n'kuchitambasula. Musayandikitsenso mopitirira: makamera ambiri a foni saona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10, ndipo kuyandikitsa kumatupitsa kutsogolo kwa chikwama. Bwererani m'mbuyo pang'ono, m'mbalimo mudzadula pambuyo pake.

Mukajambula musafulumire kuchotsa chikwamacho. Kuzani chithunzicho pamsoko, chikuuzani chokha chomwe chalakwika. Ulusi ukaoneka pawiri kapena wokokeka mbali imodzi, foni inagwedezeka. Lamba wakumbuyo akaoneka bwino koma msoko wakutsogolo ayi, kamera inalunjika polakwika kapena munayandikitsa kwambiri, dinaninso pamsoko. Chithunzi chonse chikachita chifunga, zipi ndi zitsulo zikutulutsa michira ya kuwala, galasi lili ndi mafuta a zala. Koma chikopa chikaoneka chosalala mopanda timizere, kuwala sikunakwane, ndipo palibe pulogalamu yokonzera zithunzi imene ingabwezeretse zomwe kamera sinagwire. Sendezani tebulo pawindo, mujambulenso.

Poti masana mumakhala pa mashini, sonkhanitsani zikwama za sabata yonse, mudzazijambulire limodzi m'mawa umodzi pawindo lomwelo, mitundu idzafanana pa zithunzi zonse. Potumizira wogula pa WhatsApp, sankhani HD kapena mutumize ngati Document, apo ayi chithunzi chimachepetsedwa ndipo ulusi umayamba kusowanso.