Shopu yapsa, nanga inshuwalansi iwerengera bwanji ndalama zotayika?

"Shopu yanga ya ukalipentala ku Garden yapsa, takhala miyezi 4 osagwira ntchito. Ndili ndi inshuwalansi ya kuima kwa bizinesi. Adzandiwerengera bwanji?"

Pepani kwambiri achimwene, moto ndi woipa. Sadzakubwezerani malonda onse, amalipira phindu lokha. Amayang'ana zimene munagulitsa miyezi yomweyo chaka chatha. Tinene kuti munkagulitsa K50,000 pamwezi, matabwa, guluu ndi vanishi zikudya K30,000. Zimenezo simukugula pamene shopu ili chitsekere, choncho amazichotsa. Yotsala K20,000, yomwe mumalipirira lendi, anyamata ndi kudya inuyo, ndiyo amawerengera: miyezi 4 ndi K80,000. Ngati mwininyumba waimitsa lendi, achotsanso. Mipando imene mukukhomera pakhonde kunyumba n'kugulitsa, aiwerengeranso n'kuchotsa phindu lake pa ndalama zokulipirani, musabise.

Pamene ambiri amalira ndi apa: ngati munalembetsa phindu la pachaka la K120,000 pomwe lenileni ndi K240,000, adzakupatsani theka lokha. Onaninso papepala la inshuwalansi miyezi imene analonjeza kulipira, ikatha basi, ngakhale denga lisanakhomedwe.

Mabuku ngati anapsa, thamangirani kubanki mukatenge masitetimenti, ndi mapepala a msonkho a ku ZRA.