Chikumbutso cha chilimba chimene anthu anasiya kuwerenga

"Ndine msungichuma wa chilimba chathu kuno ku Matero, mu Lusaka. Tilipo 20, aliyense amasonkha K200 Lachisanu lililonse. M'mawa uliwonse 6 koloko ndimatumiza chikumbutso pagulu lathu la WhatsApp. Poyamba ankayankha, pano kuli zii, ndalama zikubwera mochedwa. Nditani?"

Amayi, anthu anuwo sanakuderereni, angozolowera. Mlendo akagona m'nyumba ya m'mbali mwa msewu wa ku Chipata amadzidzimuka ndi lole iliyonse, koma eni nyumba amagona tulo tofa nato. Ubongo umaleka kusamala chinthu chobwera nthawi yomweyomweyo, chooneka chimodzimodzi, chopanda chachilendo. Tawerengani: pa miyezi itatu mwatumiza mauthenga pafupifupi 90, pomwe masiku osonkha ndi 13 okha. Munthu waphunzira kuti masiku ambiri uthenga wanu sufuna kuti achite kanthu, ndiye Lachisanu likafika amaudumpha ngati a masiku ena aja.

Musanasinthe chilichonse, fufuzani kaye. Dinikizani chala pa uthenga umene munatumiza dzulo, musankhe Info. Muona amene ali pa Read by ndi amene angotsala pa Delivered to. Ngati ambiri uthengawo unawafika koma sanautsegule tsiku lonse, ndiye kuti amangoona mawu oyamba pamwamba pa foni n'kuukankhira kumbali, kapena anatseka phokoso la gulu pa Mute notifications, mwinanso anasankha Always. Ngati anawerenga koma osalipira, vuto ndi nthawi kapena thumba.

Mawu oyamba aja ndiwo nkhani yonse. Foni imangoonetsa mzere umodzi kapena iwiri, ndipo inu mwina mumayamba ndi "Mwadzuka bwanji okondedwa, ndikukumbutsani". Moniyo wadya malo onse. Ine ndinkachita zomwezo ku chilimba chathu cha ku Chilenje, mpaka mnzanga wina anandiuza poyera kuti amadziwa uthenga wanga asanauwerenge. Zinandiwawa, koma ankanena zoona.

Ndinachepetsa kukhala mauthenga atatu pa sabata, uliwonse ndi ntchito yake. Lachitatu madzulo ndimalemba pagulu kuti, "Sabata ino akudya ndi amake mapasa, K4,000. Tisonkhe pofika Lachisanu 5 koloko madzulo." Dzina la wolandira limasintha sabata iliyonse, choncho uthengawo umakhala watsopano pawokha. Komanso kuchedwetsa mnzako amene umamudziwa kumachititsa manyazi kuposa kuchedwetsa msungichuma. Lachisanu masana ndimalemba kuti, "Alipira 14, atsala 6, yaperewera K1,200." Nambala zoyenda chonchi anthu amazitsegula chifukwa sangazilote. Wachitatu supita pagulu ayi. Umapita kwa 6 otsala aja, aliyense payekha, kuyambira ndi dzina lake: "Asisi, yatsala yanu K200, nambala yotumizira ndi iyi." Amene analipira kale musamawavutitsenso. Ndiwo amayamba kutseka phokoso, ndipo sabata imene adzaiwale, palibe chidzawafike.

Kusintha mawu sikutanthauza kukongoletsa. Timaluwa, zilembo zikuluzikulu ndi mawu akuti "CHANGU" zimagwira sabata imodzi kapena ziwiri, kenako nazonso zimazolowereka, ndipo tsiku la changu chenicheni mudzasowa chokuwira. Chimene chizisintha ndi nkhani ya mkati: dzina, nambala, maola otsala. Tsiku lomalizira ndi nambala yotumizira ndalama zisamasinthe malo, zizikhala kumapeto nthawi zonse kuti munthu asazisakesake.

Za nthawi, 6 koloko m'mawa munthu akusambitsa ana a sukulu kapena akulimbirana basi ya kutauni. Ngakhale awerenge, ndalama alibe m'manja ndipo ejenti wapakona sanatsegule. Amati ndichita kenako, basi zathera pomwepo. Chikumbutso chimagwira ngati wochilandira angathe kulipira mphindi zomwezo. Ogulitsa kumsika wa Soweto ndi ku City Market amakhala atagwirako kandalama chakumasana, pomwe apantchito amapeza mpata akaweruka. Mukudziwa kale ndani ali kuti, ndiye wachitatu uja mutumizeni pa nthawi yoyenera munthuyo. Wa Lachitatu muziusuntha pang'ono, sabata ino 6 koloko, ya mawa 8 koloko, koma osapitirira apo n'kumadzutsa anthu usiku.

Mukafuna kugwiritsa ntchito New broadcast potumizira otsalawo, dziwani kuti imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Kwa anthu 6 ndi bwino kungolemba pamanja.

Yesani masabata anayi, muzilemba m'kope kuti ndi angati analipira 5 koloko isanakwane, ndipo muziyang'ana Info ija. Mukapeza munthu amene amawerenga uthenga uliwonse msangamsanga koma n'kuchedwabe masabata atatu otsatizana, ameneyo musamuwonjezere mauthenga. Muimbireni kapena mupite kunyumba kwake, mwina K200 pa sabata yamukulira ndipo akuchita manyazi kunena pagulu.