Wagwira kanthu pa bolodi ya chess kenako akukana: nditani?

"Pa mpikisano wa chess mnzanga anagwira bishopu, ataona kuti adyedwa anamusiya n'kusuntha kavalo. Ndinadandaula masewera atatha koma sanandimvere. Ndinalakwitsa pati?"

Achimwene, munalakwitsa podikira. Malamulo a FIDE, bungwe loyang'anira chess padziko lonse, amati ikakhala nthawi yanu yosewera ndipo mwagwira dala kanthu kanu, muyenera kukasuntha ngati kali ndi kolowera kololedwa. Koma dandaulo limayenera kuperekedwa inuyo musanagwire kanthu kalikonse kuti musewere. Mutangoyankha kusuntha kwa kavalo uja, ufulu wanu wodandaula unathera pomwepo.

Tsiku lina zikadzachitika, musadzakhudze chilichonse pa bolodi. Imitsani wotchi, itanani woweruza, mufotokoze modekha kuti wagwira bishopu wa pa c4. Kukangana naye nokha n'kutaya nthawi, ndipo kumasokoneza ena. Akakana, woweruza amafunsa amene anaona, ndipo popanda umboni kawirikawiri masewera amangopitirira. Zimawawa, komatu woweruza sangagamule zomwe palibe anaziona.

Mnzanuyo akadzanena kuti amangokonza kuti kanthuko kakhale bwino pamalo pake, funso n'lakuti ananena "j'adoube" kapena "I adjust" asanagwire? Kunena atagwira kale sikuthandiza. Kugunda mwangozi ndi mkono, uko ndiye kulibe mlandu.