Webusaiti ikumangondibweza pakhomo

"Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta kuno ku Luchenza. Pali webusaiti ina imene ndimalowapo kuti ndilembetsere anthu mafomu. Ndikalemba imelo ndi pasiwedi pa laputopu, tsamba limaphethira n'kubwereranso pomwepo, osanena kuti ndalakwitsa. Pa foni zikutheka bwinobwino. Ndisinthe pasiwedi?"

Mayi, pasiwediyo isiyeni. Ikanakhala yolakwika webusaiti ikanakuuzani, ndipo pa foni sikanagwira. Vuto lili pa kuki.

Webusaiti siikumbukira munthu payokha. Mukalowa, seva, kompyuta imene imasunga webusaitiyo, imapatsa burawuza yanu, monga Chrome, kachidutswa ka zilembo ndi manambala kotchedwa kuki, ngati chiphaso cha pageti pa esiteti ya tiyi, ndipo burawuza imakaonetsa pa tsamba lililonse la webusaitiyo limene mwatsegula. Ikapanda kukasunga, kapena ikaonetsa kakale kotha ntchito, seva imakuonani ngati mlendo n'kukubwezani pakhomo.

Musanafufute chilichonse, yesani kaye. Ngati muli pa Chrome, dinani Ctrl+Shift+N kuti mutsegule windo la Incognito, limene limayamba lopanda makuki akale, ndipo mulowe pamenepo. Zikatheka, ndiye kuti kuki yakale ndiyo ikutsekereza. Pa laputopu ya pashopu izi n'zofala, chifukwa makasitomala ambiri amalowa pa webusaiti imodzimodziyo, ena n'kuchoka osadina Log out. Bwererani pa windo lanthawi zonse, ndipo pamalo polemba adiresi mulembe izi:

```
chrome://settings/content/all
```

Sakani dzina la webusaitiyo, mufufute zake zokha. Chonde musasese makuki onse monga ambiri amalangizira, chifukwa mutulutsidwa mu imelo ndi kwina konse, n'kuyamba kudikira manambala otsimikizira pa foni anthu ali pamzere.

Zikakanika ndi mu Incognito momwe, musafulumire kunena kuti webusaiti yafa. Yang'anitsitsani adiresi pamwambapo pamene mukulowa. Ngati dzina likusintha, kuchoka pa webusaiti yanu kupita kwina n'kubwerera, ndiye kuti wotsimikizira pasiwedi ndi wina, ndipo ena mwa mawebusaiti otere amadalira makuki a webusaiti inayo. Incognito imawatsekereza makuki amenewa mwachibadwa, choncho pamenepa kuyesa kuja sikunena zonse. Tsegulani `chrome://settings/cookies` muone ngati makuki amenewa, otchedwa Third-party cookies, atsekedwa. Ngati atero, lolezani webusaiti imodzi yokhayo, osatsegulira onse.

Onaninso ngati adiresi imene munasunga kale ikuyamba ndi `http://`. Kuki yokhala ndi chizindikiro cha `Secure` siyenda panjira imeneyo, imafuna `https://`. Lembani adiresiyo ndi manja.

Chinanso chimene chimavutitsa mashopu ndi kusinthasintha netiweki. Mawebusaiti ena amakutulutsani adiresi ya IP, nambala imene netiweki imakupatsani, ikasintha. Mukayamba fomu ya munthu pa rauta, mumalizire pomwepo, musasamukire pa intaneti ya foni fomuyo ili pakati.