Dandaulo la kugwiridwagwiridwa kuntchito, ndifufuza bwanji osakondera?

"Abale ndithandizeniko. Ndimagwira mu ofesi ya za antchito pa kampani ina yaing'ono ku Lilongwe kuno. Mtsikana wina wapa kauntala walemba kalata kuti supavaiza wake akumamugwiragwira komanso kumutumizira mameseji usiku. Abwana akuti ndifufuze ndibweretse lipoti, koma bamboyu ndi wokondedwa pantchito ndipo ine sindinapangepo zoterezi. Ndiyambire pati kuti ndisakondere mbali?"

Achemwali pepani, katundu akusenzetsaniyu ndi wolemera ndithu. Ine ndinagwirapo nkhani yofanana nayo pa shopu ina ya holoselo ku Limbe, ndiye ndikuuzani mmene tinayendetsera, ndi pomwe ndinapunthwa pomwe.

Musanaitane munthu aliyense dzifunseni kaye inuyo ngati muli woyenera. Ngati bamboyo ndi wachibale, kapena mumapemphera mpingo umodzi mpaka kumayenderana, kapena ndi amene amasainira malipiro anu, kawauzeni abwana lero lomwe kuti apeze wina, chifukwa ngakhale mutagwira bwino bwanji lipoti lanulo anthu adzalikayikira. Komanso mugwirizane nawo kuti inu ndinu wofufuza basi, wodzaweruza pa hiyaring'i akhale munthu wina.

Tsiku loyambalo awiriwa alekanitsidwe, ndipo wosuntha akhale supavaizayo osati mtsikanayo, apo bii anzake aona kuti ukadandaula umachotsedwa pamalo pako ndiye palibe adzakuuzeni kanthu. Mukaona kuti bamboyo angaopseze mboni, muimitseni kaye ntchito akulandira malipiro ake onse, kalatayo inene poyera kuti ichi si chilango. Tsiku lomwelo tolerani zinthu zomwe zimasowa msanga, buku la alonda, ndandanda wa mashifiti, ndipo ngati muli ndi makamera akoperetu chifukwa ambiri amafufuta okha zakale pakadutsa masiku.

Kwa ife kalata ya mtsikanayo inali masamba awiri, yodzadza ndi kuwawidwa mtima, amandizunza, amandichititsa manyazi, sindikugonanso. Zonsezo zinali zochokera pansi pa mtima koma mawu oti amandizunza sungawafufuze. Ndinakhala naye pafupifupi maola awiri mu kachipinda kotseka chitseko, pali mayi wina wa ku akaunti amene iye anasankha yekha, mpaka tinatulutsamo zinthu zitatu zogwirika. Kuti tsiku lowerenga sitoko bamboyo anamutsatira kusitolo kuseli n'kumugwira m'chiuno. Kuti kwa miyezi iwiri amamutumizira mameseji usiku omuitanira ku loji. Komanso kuti atakana anamusinthira ku shifiti ya Lamulungu. Apa ndiye pagona ntchito yonse achemwali, chifukwa kuyambira pamenepo simukufufuzanso ngati bamboyu ndi munthu wabwino kapena woipa, mukufufuza ngati chinthu ichi chinachitika, tsiku lakuti, pamalo akuti. Zoti ndi wokondedwa pantchito zimagwa zokha, sizikuyankha funso lililonse mwa atatuwo.

Pomufunsa musamuyikire mawu mkamwa. Ndiuzeni zomwe zinachitika, kenako chinachitika n'chiyani, panali ndani, munauzako ndani. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, mudikireni. Mafunso oti bwanji simunakuwe, munavala chiyani, amenewo asatuluke n'komwe. Koma zoti bwanji wanena pano patapita nthawi mufunse ndithu, mwaulemu, chifukwa mbali inayo idzafunsa ndiye bola yankho lake likhale kale mu sitetimenti. Wathuyo anati amadikira kontilakiti yake isainidwe kaye ndipo wosainira anali bambo yemweyo.

Za mameseji musakhutire ndi masikirinishoti ayi. Mupempheni foni yeniyeniyo, muone nambala osati dzina lomwe anasevera, muwerenge macheza onse kuyambira pamwamba ndi mayankho ake omwe. Apa pamapusitsa ofufuza ambiri. Mtsikana wathuyo amayankha zoti kkkk bwana mwayambatu, kapena ndagona kale bwana, ndipo anzanga ena ataona anati aaa awa amagwirizana awa. Koma titawerenga bwinobwino, mameseji onse 14 woyambitsa anali bamboyo, mtsikanayo sanavomerepo kupita kulikonse, ndipo kawiri analemba kuti chonde bwana ndimakulemekezani ngati bambo anga. Munthu amene ntchito yake ili mmanja mwako sangakuyankhe mwachipongwe, amakana mozemba choncho. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, gawo 6, likunena za mchitidwe wachiwerewere womwe winayo sakuufuna, kaya ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwira, pomwe munthu woganiza bwino akanadziwa kuti mnzakeyo akhumudwa, anyozeka kapena achita mantha. Ndiye funso ndi loti amazifuna kapena ayi, osati anaseka kapena sanaseke.

Mukatero mulembereni bamboyo kalata yonena zinthu zomwe akumunenerazo chimodzichimodzi ndi masiku ake, mumupatse masiku angapo akonzekere, abwere ndi mnzake wapantchito kapena wa yuniyoni ngati akufuna. Osamudzidzimutsa pakhonde. Lamulo la za ntchito la 2000 gawo 57 silikulola kuchotsa munthu pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo nkhani ikafika ku khothi la za antchito ndi kampani imene imayenera kuonetsa kuti chifukwa chinalipo komanso kuti inachita mwachilungamo. Mpando, madzi akumwa, nthawi, kamvekedwe ka mawu anu, zikhale zofanana ndi zomwe munamupatsa mtsikana uja. Supavaiza wathuyo anavomera mameseji koma anati anali macheza, zakusitolo anakanitsitsa, ndipo anati mtsikanayu akubwezera chifukwa anamulembera woning'i ya shoteji pa thilu. Mawu ngati amenewa musawataye poganiza kuti akungozemba, mukawafufuze ndi mphamvu yomweyo. Ine ndinakatenga fayilo, woning'i inalipodi, koma deti yake inali patadutsa masabata atatu kuchokera tsiku la sitoko lija.

Pa mboni mpomwe ndinalakwitsa ine, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pofuna kufulumira ndinaitana anyamata awiri onyamula katundu nthawi imodzi, ndiye n'kufunsa kuti munaona supavaiza akumugwira mtsikanayu kusitolo? Wamkuluyo anati sitinaone kanthu madamu, wamng'onoyo anangoyang'ana mnzakeyo n'kuti eya sitinaone. Ndinaononga mboni ziwiri mu mineti imodzi, komanso ndinawaululira nkhani yonse ndi pakamwa panga, pofika masana shopu yonse imadziwa ndipo mtsikana uja anakalirira ku toileti. Mboni iziloŵa yokhayokha, ndipo muyambire patali, tsiku lowerenga sitoko munali kuti, munaona ndani akuloŵa kuseli, anatuluka ali bwanji. Chilichonse akanena mufunse, izi munaona ndi maso anu kapena munamva, ngati munamva anakuuzani ndani. Auzeni kuti nkhaniyi isatuluke, koma musawalonjeze kuti dzina lawo silidzadziwika zivute zitani, chifukwa pa hiyaring'i bamboyo ayenera kudziwa zomwe akuyankha.

Amene anatithandiza anali mlonda, bambo wachikulire wosadziwa kuwerenga. Sanaone kugwiranako, koma anaona mtsikanayo akutuluka kusitolo mothamanga atasiya buku la sitoko, supavaiza akutuluka pambuyo pake, pomwe supavaizayo anali atandiuza kuti tsiku limenelo sanapondeko kuseli. Sitetimenti yake ndinailemba m'Chichewa mmene amayankhulira, ndinamuwerengera yonse, anakonza malo amodzi, kenako anadinda chala. Musamasulire mawu a munthu m'Chingerezi chanu kenako n'kumusainitsa zomwe sakuzimva. Mboni ina inali mnzake wapa kauntala amene anauzidwa nkhaniyo madzulo omwewo ali mu minibasi. Iyeyu sangatsimikize kuti zinachitikadi, koma anatsimikiza kuti nkhaniyo inalipo kale woning'i ija isanalembedwe, ndiye zoti akubwezera zinagwa. Zinthu ngati izi kawirikawiri zimachitika popanda woonerera, ndiye musamati palibe anaona basi nkhani yatha, yang'anani tinthu ta mmbalimu ngati tikugwirizana ndi mawu a ndani. Mukapeza chatsopano ngati cha mlondayu, bwererani kwa amene zikumukhudzayo ayankhepo musanalembe.

Lipoti lisatalike. Munene amene anakutumani, omwe munayankhula nawo ndi masiku ake, zomwe munaona, kenako chinthu chilichonse pachokha, wodandaula akuti chiyani, wodandauliridwa akuti chiyani, umboni wina ukuti chiyani, inu mwapeza chiyani ndipo chifukwa chake. Simuli khothi la milandu yaupandu ayi, muyezo wanu ndi woti poyika zonse pa sikelo, mbali yolemera ndi iti. Pa nkhani yakusitolo ndinalemba chonchi: "Palibe anaona kugwirako. Koma wodandaula wafotokoza mofanana maulendo onse awiri, mlonda anaona awiriwa akutuluka kusitolo motsatizana pomwe wodandauliridwa akukana kuti anapitako, ndipo wodandaula anauza mnzake tsiku lomwelo. Ndapeza kuti umboni ukulemera mbali yoti zinachitika." Mameseji ndinati zatsimikizika. Koma za shifiti ya Lamulungu ndinalemba kuti sizinatsimikizike, chifukwa ndandanda unaonetsa kuti anasinthidwa anthu anayi nthawi imodzi ndipo anasintha ndi manejala osati supavaizayo. Mtima wanga unali kwa mtsikanayo sindinama, ndipo kulemba mzere umenewo kunandivuta, koma ndi umene unapangitsa kuti ngakhale mnzake amene anaperekeza bamboyo asapeze ponena kuti ndinakondera. Ndinaonjezera kuti kusatsimikizika sikutanthauza kuti wodandaula ananama, mawu amenewa muwalembe ndithu, apo bii mawa wina adzafuna kumulanga mtsikanayo kuti ndi wabodza. Mawu ngati chilombo, wachimasomaso, kapena mtsikanayu ndi woyendayenda asapezeke mu lipoti, ndiponso musalembe kuti achotsedwe ntchito, inu mungonena kuti pali nkhani yoti akayankhe pa hiyaring'i.

Abwana akayamba zoti tangokambiranani zithere pompa, bamboyu apepese basi, akumbutseni kuti mlanduwu pa lamulo la 2013 lija chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo mtsikanayo ali ndi ufulu wopita ku polisi kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC osadikira kuti za pakampani zithe. Bungwe lomweli ndi limene linatulutsa lipoti la nkhanza zoterezi ku MBC mu 2021. Mtsikanayo mumuuze za ufulu umenewu inuyo tsiku loyamba lomwe. Zikatha onse awiri alandire kalata ya zotsatira, mafayilo atsekeredwe mu kabati ya kiyi, ndipo pakatha mwezi mukamuone mwakachetechete iyeyo, mlonda ndi mnzake uja ngati wina sanayambe kuwasala kapena kuwasinthira mashifiti.